Wakuti "ndili ndi funso" koma funsolo osabwera: mmene mungamuyankhire

Aliyense wogwira foni ya shopu, ya ofesi kapena ya kasukulu muno mu Mzuzu amaudziwa uthenga uwu. Umalowa m'mawa pa WhatsApp: "Mwadzuka bwanji. Ndili ndi funso." Basi, wathera pomwepo. Mukayankha kuti "Funsani", kumangoti zii. Madzulo munthu yemweyo amatulukiranso ndi "Mulipo?", mukati "Eya", kulinso zii. Pakapita masiku mumamva kwa anthu ena kuti pa shopu panu sayankha mauthenga, chonsecho funsolo simunalione n'komwe.

Vutoli limatheka kulithetsa, koma osati pomudzudzula munthuyo kapena kumusiya. Chimene chimagwira ntchito ndi yankho loyamba lokonzedwa bwino, kenako kudziwa kuwerenga chimene chikuchititsa kuti akhale chete, chifukwa zoyambitsa zake n'zosiyana ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Tigwiritsa ntchito chitsanzo cha shopu yogulitsa zipangizo zomangira, koma njira yake ndi yomweyo kwa telala, wokonza mafoni kapena kalaliki wa pa ofesi.

Chifukwa chake "Funsani" sakwanira

Kwa anthu ambiri, mawu akuti "ndili ndi funso" ali ngati odi wa pakhomo. Munthu woleredwa bwino salowa m'nyumba ya eni asanamve "Lowani", ndipo sayamba nkhani yake asanapereke moni ndi kuyankhidwa. Choncho uthengawo si ulesi ayi. Munthuyo akufufuza zinthu zitatu nthawi imodzi: ngati nambalayo ikugwira, ngati pali munthu wamoyo kuseri kwake, ndiponso ngati munthuyo ndi woyenera kumva nkhaniyo.

Liwu limodzi loti "Funsani" limayankha choyamba chokha. Silinena kuti ndinu ndani, silibweza moni, ndipo kwa munthu wamkulu limamveka ngati mwatopa naye. Komanso limabweza ntchito yonse kwa iye, pamene mwina chimene chamuletsa kufunsa n'chakuti sakudziwa poyambira. Choipa kwambiri ndi chizindikiro cha funso chokha, kapena chala chokweza m'mwamba. Zimenezi anyamata amatumizirana okhaokha popanda vuto, koma kwa adada amene akumanga nyumba yawo ndi ndalama za penshoni, ndi chipongwe.

Kukhala chete podikira kuti funso libwere lokha nakonso kumalephera, chifukwa inu mukudikira funso, iye akudikira chilolezo. Nonse awiri mukhoza kudikirana mpaka dzuwa kulowa.

Yankho loyamba

Likhale uthenga umodzi, osati tizidutswa tinayi. Munthu amene amatsegula data kwa mphindi zochepa kenako n'kutseka ayenera kupeza zonse pamodzi. Lembani chonchi:

"Tadzuka bwino, kaya inu. Mukulankhula ndi wogulitsa wa pa kauntala, ndili pano mpaka 5 koloko madzulo. Funsani momasuka. Kodi ndi za mtengo, za katundu amene munagula kale, kapena za kalipiridwe? Ngati kulemba kukutalika, jambulani mawu kapena tumizani chithunzi."

Chiganizo chilichonse pamenepa chili ndi ntchito yake. Moni wabwezedwa, ndiye kuti ulemu wakwanira. Mwanena udindo wanu, ndiye kuti ngati amafuna mwini shopu anena yekha. Mwatchula nthawi yotsekera, zimene zimamulimbikitsa kufunsa lero popanda kumuthamangitsa. Koma mtima wa uthengawu ndi njira zitatu zija. Munthu amene akulephera kupanga chiganizo chonse amatha kuyankha liwu limodzi, "kalipiridwe", ndipo nkhani yayambika.

Njirazo zisapitirire zitatu. Mukandandalika zisanu ndi ziwiri, munthu amaona ngati mwamupatsa fomu ya boma ndipo amazengereza. Sankhani zitatu zimene anthu amafunsa kawirikawiri pamalo panu, ndipo imodzi mwa izo ikhale ija yochititsa manyazi. Pa shopu ndi ngongole kapena kubweza katundu. Pa sukulu ndi fizi yotsalira. Kwa telala ndi chovala chimene sichinakwane. Mukaitchula inuyo poyamba, mwaonetsa kuti ndi nkhani wamba imene anthu ena amafunsanso.

Musathamangire kulemba "bambo" kapena "mayi" ngati simukudziwa. Chithunzi cha pa nambala nthawi zambiri chimakhala cha mwana, cha maluwa kapena vesi, ndipo foni imodzi imatha kugwiritsidwa ntchito ndi banja lonse. "Inu" ndi wokwanira mpaka adzionetse yekha. Ndipo poti kuno ambiri amamasuka m'Chitumbuka kapena m'Chitonga, ngati pa shopu pali wolankhula zilankhulozo, onjezani kuti akhoza kujambula mawu m'chilankhulo chimene akufuna. Alipo anthu olankhula bwino kwambiri amene kulemba Chichewa pa foni kumawachititsa manyazi.

Mwayankha, koma ali chete: yang'anani pa sikirini

Musanaganize chilichonse za mtima wa munthuyo, onani zizindikiro za pansi pa uthenga wanu.

Tiki imodzi yotuwa ikutanthauza kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike pa foni yake. Foni ndi yozima, data ndi yotseka, bandulo yatha kapena ali pamalo opanda netiweki. Zimenezi zimachitika kwambiri kwa makasitomala ochokera kunja kwa tauni, amene amatumiza uthenga ali pa msika wa Ekwendeni kapena pa depoti, kenako n'kubwerera kumudzi kumene foni imagwira pokhapokha atakwera pa chitunda. Kuwonjezera mauthenga pa WhatsApp sikuthandiza, angounjikana. Ikakhala tiki imodzi kwa maola awiri kapena atatu, tumizani SMS, chifukwa siifuna data. Ikhale yosapitirira zilembo 160, ndipo musaikemo tizithunzi toseka kapena w wa kachipewa, chifukwa zimenezi zimatsitsa malire kufika pa zilembo 70 ndipo uthenga umadulidwa pawiri kapena patatu, n'kudya mayunitsi ambiri. Tchulani dzina la shopu koyambirira, apo ayi adzayesa ndi uthenga wa otsatsa malonda.

Matiki awiri otuwa ndiye kuti uthenga wafika. Sizitanthauza kuti sanawerenge, chifukwa anthu ambiri amazimitsa Read receipts ndipo kwa iwo matiki sabiriwira ngakhale awerenge kakhumi. Matiki awiri abuluu ndiye kuti watsegula.

Pali zizindikiro zina ziwiri zimene anthu amazinyalanyaza pomwe zimanena zambiri. Choyamba ndi mawu akuti "Waiting for this message. This may take a while." Apa munthuyo wafunsa ndithu, koma foni yanu ikulephera kutsegula uthengawo. Zimachitika kawirikawiri mmodzi wa inu akangoikanso WhatsApp kapena akasintha foni. Uthengawo umatseguka foni ya wotumizayo ikabwerera pa intaneti, koma njira yachidule ndi kumuuza kuti "Uthenga wanu wachiwiri sukutseguka kuno, chonde tumizaninso." Chachiwiri ndi "This message was deleted". Munthuyo analemba funso lake kenako n'kulifufuta. Ameneyu si wa vuto la netiweki, ndi wa manyazi kapena wokayika, ndipo timukamba pansipa.

Palinso vuto limene inu simungalione chifukwa lili pa foni yake. Mawu ochepa akuti "ndili ndi funso" amadutsa ngakhale netiweki ili yofooka, koma voisi ya mphindi ziwiri kapena chithunzi zimafuna data yambiri. Munthuyo amajambula funso lake lonse, amadina kutumiza, amaika foni m'thumba. Voisiyo imakakamira ndi kachizindikiro ka wotchi kapena kamuvi kofuna kuti adinenso, iye osaona. Kwa iye wafunsa kale ndipo ndinu amene simukuyankha. Mungazindikire zimenezi akabwera ndi mawu ngati "Ndiye mwati bwanji?" kapena "Ndikudikira yankho" pamene inu mulibe funso lililonse. Musatsutsane naye. Lembani kuti: "Kuno kwangofika moni wanu wokha. Ngati munatumiza mawu kapena chithunzi, onani ngati pali kawotchi pambali pake, ndipo mutumizenso mukakhala pamalo ogwira bwino." Kapena muimbireni, nkhani ya mphindi imodzi ithe.

Amene wawerenga koma akuzengereza

Apa ndi pamene pamafunika luso, ndipo tione nkhani imodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Lolemba cha m'ma 9 koloko, foni ya shopu ya zomangira ku Luwinga yalandira uthenga: "Bwana mwadzuka. Ndili ndi kafunso pang'ono." Nambala siinasungidwe. Wogulitsa wayankha ndi uthenga uja wa njira zitatu. Matiki abiriwira nthawi yomweyo. Pamwamba paoneka kuti munthuyo akulemba, kenako wasiya, walembanso, wasiyanso. Patapita mphindi zochepa paoneka "This message was deleted". Kenako zii.

Zizindikiro zonse zikuloza kumodzi. Netiweki ili bwino, munthuyo ali ndi funso lenileni, ndipo liwu loti "kafunso" limasonyeza kuti akulichepetsa dala chifukwa akuopa yankho. Wogulitsa wanzeru achite zinthu ziwiri asanalembenso. Ayambe wayang'ana nambalayo m'buku la malisiti ndi m'mauthenga a Airtel Money kapena TNM Mpamba a masiku apitawo. Tinene kuti waipeza: Lachisanu nambala imeneyi inalipira malata 24 a geji 30, a mafiti 10. Chachiwiri, adikire pafupifupi ola limodzi. Kulemba nthawi yomweyo kuti "Ndaona mwafufuta" kumamuchititsa munthu kumva ngati wagwidwa.

Uthenga wachiwiri usabwereze "Funsani". Upereke funso loyankhika ndi eya kapena ayi, ndipo uchotse mantha pasadakhale:

"Ndaona kuti munatenga malata kuno Lachisanu. Kodi funso lanu ndi la malata amenewo? Ngati pali chimene sichinakwane, nenani ndithu, zoterezi timazikonza kawirikawiri."

Yankho labwera: "Eya bwana. Kalipentala akuti ndi aafupi." Funso lenileni laoneka tsopano. Bamboyo anagula malata a mafiti 10 pomwe denga likufuna a mafiti 12, ndipo chimene amaopa kufunsa n'chakuti kodi shopu ingalole kusinthitsa. Amaopa kuoneka wosadziwa kuyeza, amaopanso kumva kuti katundu akatuluka sabwerera.

Kuchokera apa wogulitsa afunse zinthu zitatu zokha zimene zikufunika kuti apereke yankho lomaliza, ndipo azifunse mu uthenga umodzi: kodi malatawo akhomedwa kale kapena kudulidwa, lisiti ilipo, ndipo kalipentala wanena mulingo wanji weniweni. Ngati kusinthitsa kumafuna chilolezo cha mwini shopu, anene zoona ndi nthawi yake: "Izi amavomereza ndi abwana, afika 2 koloko, ndikuyankhani isanakwane 3." Ndipo 3 koloko ikakwana alembe ndithu, ngakhale yankho likhale loti abwana sanafike. Munthu amene anavutika kufunsa koyamba sadzakumbutsa kachiwiri, adzangopita kwina.

Taonani kuti wogulitsa sanalonjeze kuti malata asinthidwa. Mawu oti "zoterezi timazikonza kawirikawiri" amatsegula pakamwa popanda kumanga shopu. Ngati pa shopu panu simusinthitsa katundu n'komwe, musalembe choncho. Lembani kuti "nenani tione chimene chingatheke".

Ena amazengereza chifukwa sadziwa kuti foni ili m'manja mwa ndani. Ameneyu mudzamudziwa ndi mafunso monga "Ndi abwana amenewa?" kapena "Muli nokha?" Nkhani yake nthawi zambiri ndi ya ngongole, ya dandaulo lokhudza wantchito mnzanu, kapena yopempha ntchito. Musadzitche abwana pamene simuli. Muuzeni kuti foniyi imagwiridwa ndi anthu angapo, ndipo ngati nkhaniyo ndi ya mwini shopu yekha, mumupatse nthawi imene amapezeka. Dandaulo lokhudza wantchito likalembedwa pa foni imene wantchitoyo amagwira, limasowa, ndipo kasitomala amadziwa zimenezo.

Enanso sadziwa dzina la chinthu chimene akufuna. Mayi amene mpopi wa kunyumba kwake ukudontha sangalembe dzina la kachitsulo kamene katha, ndipo safuna kulemba zolakwika. Kwa ameneyu funso labwino ndi "Chavuta n'chiyani kunyumbako?" osati "Mukufuna chiyani?" Mupempheni chithunzi, ndipo aike ndalama yachitsulo kapena bokosi la machesi pambali pa chinthucho kuti muone kukula kwake.

Pamene "ndili ndi funso" ndi nyambo

Akuba a pa foni nawonso amayamba ndi mawu omwewa, chifukwa amangofuna kuona ngati nambala ili ndi mwini amene amayankha. Yankho lanu loyamba siliwapatsa kanthu, choncho musaope kuyankha nambala yachilendo. Chenjerani ndi chimene chikubwera pambuyo pake. Wofunsa weniweni amalowa m'njira imodzi mwa zitatu zija, kapena amatchula yachinayi yokhudza malonda anu. Wakuba amazilumpha zonse. Amanena kuti watumiza ndalama ku nambala yanu molakwitsa ndipo mumubwezere, kapena kuti mulandira manambala 6 pa SMS ndipo mumuwerengere, kapena amatumiza linki yoti mudine.

Manambala 6 amenewo ndi amene WhatsApp imatumiza munthu akamalembetsa nambala pa foni ina. Mukawapereka, akaunti ya shopu yapita, pamodzi ndi chikhulupiriro cha makasitomala amene ayambe kupemphedwa ndalama m'dzina lanu. Musawapereke kwa aliyense, ndipo tsegulani Two-step verification, chitetezo chowonjezera cha PIN yachinsinsi pa WhatsApp, pa foni ya shopu. Za ndalama zolakwika, onani balansi yanu nokha kudzera pa menyu ya kampani ya foni, osadalira uthenga kapena chithunzi chimene watumiza, ndipo muuzeni akadandaule ku kampaniyo kuti ibweze yokha. Akalimbikira, dinani Block.

Kukonza foni kuti ntchito ichepe

Ngati mukugwiritsa ntchito WhatsApp Business, sungani yankho loyamba lija pa Quick replies, imene ili pansi pa Business tools. Lipatseni dzina lalifupi, ndipo mukafuna kulitumiza mungolemba:

```
/funso
```

Mukadina dzinalo likaoneka, uthenga wonse umatuluka, koma musanautumize konzani moni kuti ugwirizane ndi nthawi. "Tadzuka bwino" wa 4 koloko madzulo amaonetseratu kuti munthu sanawerenge.

Samalani ndi Greeting message, uthenga umene foni imatumiza yokha. Mashopu ambiri amalembapo kuti "Zikomo potilembera, tikuyankhani posachedwa." Mawu amenewa amakulitsa vuto lomwe tikukambali, chifukwa amamuuza munthu kuti adikire pomwe sanafunse kanthu. Iye amakhala pansi kudikira, inu mukuona macheza opanda funso. Sinthani kuti unene: "Takulandirani. Lembani funso lanu lonse pano kapena jambulani mawu, musadikire kuti tiyambe tayankha moni." Dziwaninso kuti uthengawu umapita kwa amene walemba koyamba, kapena amene papita masiku 14 osalemberana naye. Kasitomala amene munacheza naye sabata yatha saulandira, ndiye ameneyo ayankhidwe ndi munthu.

Pa foni yogwiridwa ndi anthu angapo, macheza otere amatayika posinthana. Wam'mawa watsegula uthenga, chizindikiro chobiriwira chachoka, wamasana akuona ngati zinatheka. Gwirizanani kuti macheza onse opanda funso aziikidwa chizindikiro chimodzi, kaya ndi Mark as unread kaya kulemba nambalayo m'kabuku ka pa kauntala, ndipo wotseka shopu aziwayang'ana asanapite.

Polekezera

Kutsatira munthu kuli ndi malire. Pambuyo pa yankho loyamba, lembani kawiri kokha musanatseke nkhani. Koyamba ndi tsiku lomwelo, ndi funso la eya kapena ayi monga taonera. Kachiwiri ndi m'mawa wa tsiku lotsatira, pakati pa 7 ndi 9 koloko. Ngati nambalayo ndi ya kasitomala wodziwika amene anagula katundu wambiri, m'malo mwa uthenga wachiwiriwo muimbireni kamodzi. Yambani ndi moni ndi dzina la shopu, kenako "Munati muli ndi funso dzulo, ndati ndimve." Anthu ambiri amene amalephera kulemba amalankhula bwinobwino akamva mawu a munthu. Musafulashe kuti akuimbireni, chifukwa mwina kusowa kwa mayunitsi ndi kumene kunamuletsa kuimba poyamba.

Akapanda kuyankhabe, tsekani ndi uthenga wosadandaula: "Sitinamve funso lanu, koma tilipo Lolemba mpaka Loweruka. Mukakonzeka lembani pompano kapena fikani pa shopu." Musalembe "Mwatitayitsa nthawi" kapena "Tikudikirabe". Mwina anapeza yankho kwina, mwina foni inali yobwereka ndipo mwini wake sakudziwa n'komwe za funsolo.

Pomaliza pali munthu wa chizolowezi, amene sabata iliyonse amayamba ndi "ndili ndi funso" n'kudikira. Ameneyu mukhoza kumuphunzitsa, koma muchite zimenezi mutamuthandiza kale, osati musanatero. Funso lake likayankhidwa, onjezani mzere umodzi: "Ulendo wina mungolemba moni ndi funso pamodzi, ngakhale usiku, kuti tikangotsegula foni m'mawa tikuyankheni msanga." Akabwerezanso, tumizani yankho lija la njira zitatu monga kale, ndipo mukumbutseni kachiwiri nkhani ikatha.